Ejenti wa ku London akufuna mtengo wanga wa pa ola ndi nthawi imene ndimapezeka: ndimuyankhe bwanji?

Funso: Ndine wowerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza kuno ku Chipata. Ndimalandira K9,000 pa mwezi asanadule msonkho, pa kontilakiti ya zaka ziwiri, ndipo ndimaweruka 17 awazi. Ejenti wina wa ku London wandilembera pa LinkedIn kuti ali ndi kasitomala wofuna munthu wosunga mabuku a ndalama kwa miyezi 6, kugwirira kunyumba, maola 20 mpaka 30 pa sabata kuyambira mu Juni. Akuti ndimuuze nthawi imene ndingapezeke ndi mtengo wanga wa pa ola. Ndinagawa malipiro anga ndi maola a pa mwezi n'kupeza madola awiri. Ndikufuna kulemba madola atatu, ndiponso kuti ndimapezeka nthawi ina iliyonse, kuopa kuti mwayi ungandipitirire. Ikakhala yabwino ndine wokonzeka kusiya ntchito ndili nayoyi. Ndichite bwanji? *Mayi wa ku Kapata*

Yankho: Amayi, uthenga umenewo musautumize. Zimene mudzalembe m'yankho loyamba ejentiyo adzazikopera mu fomu yake n'kuzipereka kwa kasitomala momwe zilili. Kuchokera pamenepo mtengo umene mwatchula ukhoza kutsika koma sukwera, ndipo maola amene mwatchula kasitomala adzawatenga ngati lonjezo. N'chifukwa chake zinthu ziwirizi zimafuna kuti muyambe mwakhala pansi ndi cholembera.

Ndiyamba ndi nthawi, poti ndi imene idzakuuzeni ngati nkhani ya mtengo ili yofunika n'komwe.

Zambia ili pa nthawi imene pa kompyuta imalembedwa kuti `CAT` kapena `UTC+2`, ndipo sitisintha mawotchi chaka chonse. Ku Britain amasintha kawiri. Kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala, ife timakhala patsogolo pawo ndi ola limodzi lokha. Miyezi yotsalayo timawatsogolera ndi maola awiri. Tsopano tengani tsiku lanu. Mwaweruka 17:00, mwafika ku Kapata, mwaona za ana ndi za pamoto, mwatsegula laputopu 18:00. Mu Juni, ku London imeneyo ndi 17:00, ndipo ambiri a mu ofesi ya kasitomalayo akutseka makompyuta. Mukagwira mpaka 21:00 ndiye kuti maola atatu onsewo mwagwira nokha, wopanda womufunsa kuti risiti yakutiyakuti ndi ya chiyani. Mu Novembala mudzakumana nawo ola limodzi basi. Maola atatu kwa masiku asanu ndi 15, ndipo kuti akwane 20 muyenera kupereka Loweruka lonse m'mawa mpaka masana. Za maola 30 musaziganizire ngati mudakali pa ntchito inayi.

Pali chinanso chimene inu mukuchidziwa kuposa ine. Ntchito ya mabuku imachuluka kumapeto a mwezi, ndipo mapeto a mwezi ku Chipata ndi ku London ndi tsiku limodzi. Kontilakiti imene yayamba mu Juni ikafika mu Okutobala ndi Novembala, nthawi imene alimi amadzaza pa kauntala kugula mbewu ndi feteleza, abwana anu a pano sadzakulolani kuchoka 17 awazi yeniyeni. Werenganinso kontilakiti yanu ya pano, chifukwa ambiri amaikamo mawu oletsa kugwira ntchito ina popanda chilolezo cholembedwa, makamaka kwa munthu amene amaona mabuku a kampani.

Choncho musanatchule ola lililonse, funsani ejentiyo kuti pa maola a pa sabatawo, ndi angati amene kasitomala akufuna kuti mukhale pa intaneti nthawi imodzi ndi antchito ake. Ntchito zina za mabuku zimangofuna msonkhano umodzi pa sabata, zina zonse mumagwira nthawi yanu malinga mwamaliza pa tsiku limene mwagwirizana. Ikakhala yotere mukhoza kuyesa maola 15 osasiya ntchito. Koma akati akufuna maola anayi tsiku lililonse pa nthawi ya ofesi yawo, ndiye kuti funso lenileni ndi lakuti musiye ntchito kapena ayi, ndipo mtengo wanu uyenera kunyamula katundu yense amene malipiro a pa mwezi ankanyamula.

Mawu akuti "nthawi ina iliyonse" ejenti samawamva ngati khama. Amene wagwira ntchitoyi kwa nthawi amamva kuti munthuyu sanawerengere, kapena akubisa kuti ali pa ntchito ina. Amene ndi wosasamala amalemba momwemo, ndipo tsiku lina kasitomala adzakuikirani msonkhano 19:00 Lachisanu n'kumadabwa mukadandaula. Lembani masiku, ola loyambira ndi lomalizira, pa nthawi ya kuno ndi ya kwawo, ndi tsiku limene mungayambe. Mzere wake ungaoneke chonchi:

```
Mon-Fri 10:00-14:00 CAT (UTC+2) = 09:00-13:00 London
```

Kenako muonjeze kuti mawotchi awo akasintha kumapeto kwa Okutobala, 09:00 yawo idzakhala 11:00 yanu. Gwirizananitu kuti amene adzasunthe ndani. Kawirikawiri amasuntha ndi inu, ndiye ngati mumakatenga mwana kusukulu 14:30, dziwani lero kuti mu Novembala mudzakhala mudakali pa ntchito mpaka 15:00. Kasitomala akanakhala wa ku Germany kapena ku Netherlands zikanaphweka, popeza m'miyezi yawo yotentha nthawi yathu ndi yawo ndi imodzi. Wa ku New York timamutsogolera ndi maola 6 kapena 7, ndiye ntchito yake imagwa madzulo ndi usiku, ndipo imeneyo ndi nkhani ya mtengo wina.

Tsiku loyambira musalinene mwachisangalalo. Ngati mukusiya ntchito, notisi yanu mwina ndi ya masiku 30, ndipo masikuwo ayambe kuwerengedwa mutasayina kontilakiti yatsopano, osati ejenti atangonena pa foni kuti kasitomala wakukondani. Muzilemba kuti mungayambe patatha masiku 30 chisayinireni. Ndaonapo anthu atapereka kalata yosiyira ntchito chifukwa cha mawu a pakamwa, kenako kasitomala n'kusintha maganizo sabata yotsatira.

Nenaninso masiku amene mukudziwa kale kuti simudzapezeka. Tchuthi chathu iwo sachidziwa: Lolemba loyamba la Julayi ndi Lachiwiri lotsatira, Lolemba loyamba la Ogasiti la alimi, 24 Okutobala. Munthu wa kontilakiti yotere akhoza kugwira pa masiku amenewa kapena ayi, koma osagwira salipidwa. Ngati kwanu mumapita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti ndipo mumanyamuka Lachinayi, zilembeni tsopano. Kasitomala amene wauzidwa mu Meyi sadandaula, koma amene wauzidwa Lachitatu la sabata yomweyo, mabuku a mwezi asanatsekedwe, amayamba kufunsa ejenti ngati alipo munthu wina.

Za malaiti ndilankhulepo pang'ono, chifukwa ola limene mwalonjeza ndi loona pokhapokha laputopu ikuyaka. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, momwe tinkakhalira tsiku lathunthu mumdima. Musawerengere pa miyezi yabwino. Laputopu wamba imakoka mawati pafupifupi 60 ikamatchaja, rauta pafupifupi 10, ndiye maola anayi amafuna mawati-ola pafupifupi 300. Batire ya mavoti 12 ndi maampu-ola 100 imasunga 1,200 pa pepala, koma ikakhala ya mtovu simuyenera kuikhetsa kupitirira theka, ndiye muli ndi 600, ndipo inveta imadyako pang'ono. Imeneyo ikwanira tsiku limodzi la maola anayi bwinobwino. Siikwanira masiku awiri otsatizana popanda sola yoitchaja, ndiponso siikwanira ngati a m'nyumba alumikizako wailesi yakanema. Khalaninso ndi simu za makampani awiri osiyana, chifukwa malaiti akazima nthawi yaitali netiweki nayo imafooka. Mukakonza izi, muuzeni ejenti m'chiganizo chimodzi kuti muli ndi sola ndi batire yokwana maola akutiakuti komanso intaneti ya njira ziwiri. Ma ejenti amene analembapo anthu a kuno amafunsa okha, ndipo yankho lokhala ndi manambala limawakhazika mtima pansi kuposa kungoti "palibe vuto".

Tsopano mtengo. Samu imene munachita ndi imene aliyense amayamba nayo: K9,000 kugawa ndi maola 176 a pa mwezi, kupeza K51 pa ola, imene pa K25 dola imodzi ndi madola awiri. Vuto lake n'lakuti K9,000 si zonse zimene abwana anu amakulipirani, ndiponso maola 176 si amene mudzalipidwe pa kontilakitiyi.

Tiyambe ndi zimene mumalandira pa chaka. Nditenga kuti K9,000 yonseyo ndi malipiro enieni opanda ma alawansi. Miyezi 12 ndi K108,000. Pamwamba pake abwana amakuponyerani 5 peresenti ku NAPSA, imene ndi K5,400, ndi 1 peresenti ku NHIMA, imene ndi K1,080. Poti muli pa kontilakiti ya zaka ziwiri, lamulo la ntchito la 2019 limati pomaliza mulandire gratuwiti yosachepera 25 peresenti ya malipiro anu, ndiye chaka chilichonse mukusunga K27,000 imene simuiona pa peyisilipi. Zonse pamodzi ndi K141,480. Ndalama ya gratuwitiyi musaiiwale pa chifukwa chinanso: musanalembe kalata yosiya ntchito pakati pa kontilakiti, onani zimene munasayina kuti mudziwe ngati mudzalandirako gawo lake.

Kenako pali zinthu zimene panopa kampani imakugulirani osazindikira. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo mitengo yanu yeniyeni. Tinene kuti mabando a netiweki ziwiri ndi K1,200 pa mwezi, ndiye K14,400 pa chaka. Sola, batire ndi inveta tinene K24,000, zokhala zaka zitatu, ndiye K8,000 pa chaka. Laputopu ya K18,000, nayonso zaka zitatu, K6,000 pa chaka. Zimenezi ndi K28,400. Kuphatikiza ndi za poyamba zija tafika pa K169,880, tingoti K170,000. Imeneyi ndi ndalama imene muyenera kupeza pa chaka kuti mungokhala momwe mulili lero, osalemerapo n'kamodzi komwe.

Mbali imene anthu amalakwitsa kwambiri ndi ya maola. Chaka chili ndi masabata 52, ndipo pa ntchito yanu ya pano onsewo mumalipidwa, ngakhale muli pa livi, mukudwala kapena muli pamaliro. Pa kontilakiti ya pa ola mumalipidwa maola okhawo amene mwagwira ndipo kasitomala wawavomereza. Lamulo limakupatsani masiku awiri a livi pa mwezi, 24 pa chaka, amene ndi masabata pafupifupi asanu. Chotsani amenewo. Chotsaninso masabata awiri a tchuthi cha dziko, ndi sabata imodzi ya matenda ndi maliro, imene kunena zoona kwathu kuno ndi yochepa. Mwatsala ndi 44. Kontilakitiyi ndi ya miyezi 6, ndipo ikatha ina siidzabwera m'mawa mwake. Tiike masabata 8 ofunafuna, kuyankha ma ejenti ndi kudikira. Mwatsala ndi masabata 36 olipidwa.

Apa ndi pamene mawu aja akuti "20 mpaka 30" ayenera kukuchititsani kuima. Masabata 36 pa maola 30 ndi maola 1,080, ndipo K170,000 kugawa pamenepo ndi K157 pa ola. Masabata 36 pa maola 20 ndi maola 720 okha, ndipo samu yomweyo ikupereka K236 pa ola. Kusiyana kumeneku ndi kwakukulu, ndipo amene adzasankhe kuti sabata ino ndi ya 20 kapena 30 ndi kasitomala, osati inu. Werengerani pa 20, chifukwa ndiwo okha amene mungawadalire, ndipo mufunse ngati 20 amenewo adzalembedwa mu kontilakiti kuti ndi otsimikizika, olipidwa ngakhale ntchito itachepa. Akapanda kulembedwa, sabata ina mudzapatsidwa maola 9 pamene inu mwasunga m'mawa wonse masiku asanu kudikira.

Tsopano K236 tiisandutse madola. Pa K25 ndi madola 9.44. Koma musagwiritse ntchito mtengo wa dola wa lero ngati kuti udzakhala pomwepo. Tinazolowera kuti kwacha imangogwa, ndiye wolandira madola amangopindula, koma mu 2025 dola inatsika kuchoka pa makwacha pafupifupi 28 kufika pansi pa 24 m'miyezi yowerengeka, ndipo amene ankalipidwa madola anaona ndalama ya lendi ikuchepa m'manja. Werengerani pa mtengo wotsikirapo ndi makwacha angapo kuposa wa tsiku limene mukuchita samuyi. Pa chitsanzo chathu titenge K22, ndiye K236 ndi madola 10.70. Ndalamayo ikamabwera imadulidwanso m'njira: banki yotumiza, nthawi zina banki ya pakati, banki yanu, ndiponso mtengo umene banki yanu imagulira dola umakhala wotsika kuposa umene mumamva pa nkhani. Tikaika 5 peresenti ya zonsezi tafika pa madola 11.30. Tingoti 12.

Madola 12 pa ola ndiwo malire anu a pansi ngati mukusiya ntchito. Inu mumafuna kunena atatu. Pa madola atatu, maola 20 pa sabata, mukanapeza madola pafupifupi 260 pa mwezi, amene ndi K6,500 pa K25, musanagule bando ngakhale imodzi, popanda livi, popanda NAPSA, popanda gratuwiti.

Msonkho uli kale mkati mwa samuyi, popeza tinayambira pa malipiro asanadulidwe. Chasintha n'chakuti palibenso wokudulirani. Kasitomala wa kunja adzakutumizirani ndalama yonse, ndipo kukalembetsa ndi kulipira ku ZRA pa TPIN yanu ndi udindo wanu. Inu ndinu wa mabuku, sindikuphunzitsani zimenezi, koma pitani mukafunse kuti ntchito yanuyi igwera mu mtundu uti wa msonkho musanatumize invoisi yoyamba, ndipo muziika gawo la msonkho pambali tsiku lomwe ndalama yalowa. NAPSA ndi NHIMA nazonso mudzaziponyera nokha mukafuna kuti zisaduke.

Nambala ya 12 imeneyi ndi yanu, yosunga mumtima. Imene mudzanene imachokera ku mbali ina, ya zimene ntchitoyo imalipidwa kumene ikuchokera. Kuti muone kumene kasitomala akuyerekezera, kuyambira mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa amene lamulo la ku Britain linkalola kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali mapaundi 12.21 pa ola, ndipo wosunga mabuku wodziwa ntchito amaposa pamenepo. Lamulo limenelo silikukhudza inu, ndipo kasitomala akufuna munthu wa kunja chifukwa akufuna kulipira zocheperapo, zimenezo tisabisane. Koma zikusonyezani kuti madola 15 kapena 16 si nambala yomudzidzimutsa, pamene madola atatu akhoza kumuchititsa kukayika ngati mumaidziwadi ntchitoyo. Tengani madzulo amodzi kuwerenga zotsatsa ntchito ngati yomweyi zimene zatchula malipiro, ndipo mufunse anzanu a ku Lusaka kapena ku Lilongwe amene akugwira kale. Ngati muli ndi pepala la ZICA kapena ACCA, ndiponso mumadziwa Xero kapena QuickBooks, mapulogalamu osungira mabuku a ndalama amene makampani ang'onoang'ono ambiri a ku Britain amagwiritsa ntchito, muli kumtunda kwa mitengo imene mudzapeze.

Muyeneranso kudziwa kuti ejentiyo amadyera pati. Ena amalipidwa ndi kasitomala peresenti ya zimene inu mukulandira, ndiye mtengo wanu ukakwera nawonso amapindula. Ena amagwirizana kale ndi kasitomala mtengo umodzi, tinene madola 22 pa ola, n'kumakulipirani inu kuchokera pamenepo, chotsala n'chawo. Wotereyu ali ngati venda wa soya amene wabwera ndi sikelo kumudzi akudziwa kale mtengo wa ku Lusaka: dola iliyonse imene inu mwatsitsa siipita kwa kasitomala, imalowa m'thumba lake. Si kuba, ndi momwe malonda ake amayendera, ndipo n'chifukwa chake amakonda kuti inu muyambe kutchula nambala. Mukhoza kumufunsa mwaulemu kuti kasitomala waika ndalama zingati pa ntchitoyi, ndiponso kuti kontilakiti mudzasayina ndi ndani, iyeyo kapena kasitomala. Ambiri amayankha. Akatchula nambala yoposa imene munakonza, musasonyeze kudabwa, ingonenani kuti ili m'dera limene mumayembekezera ndipo mukufuna kumva zambiri za ntchitoyo.

Akakana n'kunena kuti muyambe ndinu, musalimbane naye kawiri katatu, chifukwa ali ndi anthu ena pa mndandanda. Tchulani nambala imodzi. Ine sindikonda zopereka manambala awiri, monga "12 mpaka 16", chifukwa wogula amangomva woyambawo ndipo kukambirana kumayambira pamenepo kupita pansi. Nenani 16, ndipo muimangirire pa zimene mwawerengera: maola 20 otsimikizika pa sabata, pa nthawi imene mwatchula, kwa miyezi 6. Mukatero mwasiya mpata woti zinthu zikasintha, mtengo nawo usinthe popanda wina kunena kuti mwabweza mawu. Lembani ndi mtundu wa ndalama, monga `USD 16/hour` kapena `GBP 12/hour`, osangoti 16, popeza paundi ndi dola si zofanana ndipo ejenti wa ku London akaona nambala yokha adzaiwerenga momwe zamukomera.

Akafunsa kuti panopa mumalandira zingati, simukakamizidwa kuyankha. K9,000 akaisandutsa mapaundi idzaoneka yochepa kwambiri, ndipo chilichonse chimene adzakupatseni adzachitcha kukweza. Muuzeni kuti malipiro a ntchito ya pa mwezi ya kuno sangayerekezedwe ndi kontilakiti imene zida, msonkho ndi penshoni zili pa inu, ndipo mtengo wanu pa ntchitoyi ndi umene mwanena. Musaname n'kutchula malipiro okwera amene simulandira. Kukana kuyankha n'kokwanira.

Mtengo suli wathunthu musanadziwe kuti ndalamayo idzafika liti. Makontilakiti ambiri amalemba `Net 30`, kutanthauza kuti adzalipira pasanathe masiku 30 chilandirireni invoisi. Tsatirani masiku ake. Mwayamba pa 1 Juni, mwatumiza invoisi pa 30 Juni, alipira pa 30 Julayi, ndalama yayenda m'mabanki masiku angapo n'kufika kumayambiriro kwa Ogasiti. Malipiro anu omaliza a ntchito yakale munalandira kumapeto kwa Meyi. Ndiye kuti lendi ya miyezi iwiri, sukulu ya ana ndi mabando onse zidzachoka m'thumba lanu. Pemphani kutumiza invoisi masabata awiri aliwonse, yolipidwa pasanathe masiku 14, makamaka miyezi yoyamba pamene simunadziwane. Zimathandizanso kuti kasitomala akakhala wovuta kulipira mudziwe mutataya masabata awiri, osati miyezi iwiri. Akamatumiza pa banki, fomu yawo imakhala ndi malo osankha amene alipire mtengo wotumizira: `OUR` ndi wotumiza, `SHA` ndi kugawana, `BEN` ndi inu wolandira. Pemphani `OUR`. Pa ndalama zazing'ono zotumizidwa kawirikawiri, mitengo ya mabankiyi imaluma kwambiri, ndiye funsani banki yanu kuti imadula zingati pa ndalama yochokera kunja ndiponso ngati mungatsegule akaunti ya madola, kuti muzisintha tsiku limene mwasankha nokha.

Funsaninso kuti ola lolipidwa ndi liti. Misonkhano ilipidwe. Nthawi yophunzira mabuku awo sabata yoyamba ilipidwe. Akafuna kukuyesani ndi kantchito ka ola limodzi kongopeka, palibe vuto, koma akakupatsani mabuku enieni a mwezi wathunthu kuti "tione momwe mumagwirira", imeneyo ndi ntchito, ndipo ili ndi mtengo.

Yankho lanu lonse likhale lalifupi, mizere yosapitirira khumi, m'Chingelezi chosavuta. Muthokoze, munene kuti ntchitoyo ikugwirizana ndi zimene mumachita ndipo mutchule zaka zanu pa ntchito ndi mapulogalamu amene mumadziwa. Mupereke masiku ndi maola pa nthawi ziwiri zija, tsiku loyambira, ndi masiku amene simudzapezeka. Mutchule mtengo ndi zimene wamangiriridwapo. Mumalize ndi mafunso atatu: maola otsimikizika ndi angati, wolipira ndani ndipo amalipira patatha masiku angati, komanso kasitomalayo ndani. Muonjeze kuti asatumize CV yanu kwa kampani iliyonse asanakuuzeni dzina lake, chifukwa ma ejenti awiri akapereka munthu mmodzi ku kampani imodzi pa mitengo yosiyana, kampaniyo nthawi zambiri imangomusiya munthuyo.

Poti munthuyu wakupezani yekha, muoneni kaye. Ejenti weniweni amalemba kuchokera pa imelo ya kampani yake, amavomera kulankhula pa vidiyo, ndipo kampani yakeyo mukhoza kuifufuza kwaulere pa kaundula wa boma la Britain wotchedwa Companies House. Sapempha ndalama ya kulembetsa, ya maphunziro kapena ya zida. Safuna chithunzi cha NRC ndi nambala ya akaunti musanaone kontilakiti. Kwa inu a mabuku pali msampha wina woopsa: "ntchito" yoti ndalama za kasitomala zizilowa mu akaunti yanu kapena pa foni yanu kuti muzizitumiza kwina. Imeneyo ndi njira yotsukira ndalama zakuba, ndipo dzina limene apolisi adzalipeze ndi lanu. Chizindikiro china ndi kuvomera mtengo uliwonse nthawi yomweyo, osafunsa n'komwe za ntchito imene mumadziwa.

Tinene kuti zonse zili bwino, ndipo wabwera n'kunena kuti 16 yachuluka, kasitomala angakwanitse 13. Musayankhe pa foni pomwepo, nenani kuti muyankha mawa. Nambala 13 ili pamwamba pa malire anu, ndiye mukhoza kuilandira, koma musatsike chabe. Pemphani china chobwezera: maola otsimikizika akwere kufika 25, kapena malipiro azibwera masabata awiri aliwonse, kapena mulembe kuti mtengo udzaunikidwanso pakatha miyezi itatu. Onani momwe samu imasinthira: pa maola 25 otsimikizika, masabata 36 ndi maola 900, ndipo K170,000 kugawa pamenepo ndi K189, imene pa K22 ndi kudulidwa kwa m'njira kuja ndi madola pafupifupi 9. Pamenepo 13 yakhala yabwino ndithu. Akanena kuti 8 pa maola 20, musasiye ntchito yanu. Muuzeni kuti pa mtengo umenewo mungapereke maola 10 kapena 12 a madzulo pa ntchito yosafuna misonkhano, ngati abwana anu a pano alola, ndipo akusungeni pa mndandanda wa ntchito zina. Chilichonse chimene mwagwirizana pa foni, chilembeni mu imelo tsiku lomwelo, mtengo, mtundu wa ndalama, maola ndi tsiku lolipira, n'kumupempha ayankhe kuti wavomereza. Kontilakiti ikabwera muifananize ndi imeloyo mzere ndi mzere musanasayine, ndipo kalata ya notisi muipereke kwa abwana anu pambuyo pake.